Za Kuweruza Chojambula cha Mwana Chimene Tachiona pa Chithunzi

M'chinenero chathu mawu akuti kujambula amagwira ntchito ziwiri: mwana amajambula ndi pensulo, ndipo kholo limajambula ndi kamera ya pa foni. Tsono chojambula cha mwana chikafika kwa mphunzitsi kudzera pa foni, chimakhala chitadutsa m'manja awiri, ndipo woweruza wabwino ayenera kulekanitsa ntchito ya manja awiriwo asanatsegule pakamwa.

Tiyerekeze kuti kholo la ku Chembe latumiza ntchito ya mwana wa zaka 8. Pa pepala la mu kope pali bwato ndi msodzi, ndipo miyendo ya msodziyo ikuoneka ngakhale ili m'kati mwa bwato. Kumbuyo kuli chilumba cha Thumbi. Pansi pa madzi pali miyala ndi nsomba zitatu za mizeremizere, chilichonse chachikulu ngati bwato lomwe. Nkhafi ndi kamtengo chabe, kopanda mbali yotambalala ija yopalasira madzi. Kholo lafunsa kuti, "Aphunzitsi, mukuchiona bwanji?"

Poyamba yang'anani pepala lenilenilo. Ngati mizere ya kope ikupendekeka, kapena pepala likuoneka lopapatiza kumtunda, dziwani kuti foni inagwiridwa chopendeketsa, ndipo kupindika kwa bwato kungakhale mlandu wa kamera. Mthunzi nawonso umameza mizere yosaoneka kwambiri ya pensulo. Zikatero pemphani kholo lijambulenso pepala litagonekedwa pansi, foni ili pamwamba pake penipeni, ngodya zonse zinayi zikuoneka, pamalo powala koma popanda dzuwa lothobwa m'maso. Funsaninso zaka za mwanayo, pakuti chithunzi sichinena msinkhu.

Kachiwiri, musatchule cholakwa chinthu chimene chili cha msinkhu wake. Mfalansa wina, Georges-Henri Luquet, anafotokoza m'buku lake la 1927 kuti ana aang'ono amajambula chimene akuchidziwa koposa chimene maso akuona. Mwana wathuyu akudziwa kuti msodzi ali ndi miyendo, ndiye waionetsa. Nsomba wazikulitsa chifukwa mtima wake uli pa izo. Kumdzudzula pa zimenezi kuli ngati kukalipira mwana wokwawa chifukwa sakuthamanga.

Koma kungomuuza kuti "Chokongola zedi!" nakonso sikumthandiza. Eddie Brummelman ndi anzake, pa kafukufuku amene anafalitsa mu 2014, anapempha ana a ku Netherlands a zaka 8 mpaka 12 kuti atengere chojambula cha Van Gogh. Ena anauzidwa kuti ntchito yawo ndi yokongola, ena kuti ndi yokongola modabwitsa. Pambuyo pake, ana odzikayikira amene analandira chitamando chokokomezacho anapendekera ku kusankha zojambula zosavuta, monga ngati akuopa kutsika pa mpando umene anawakwezapo. Ndiponso mawu otere angathe kunenedwa ndi munthu amene sanayang'ane n'komwe, ndipo mwana sachedwa kuzindikira.

Nanga choona chimene tingayamikire m'chojambulachi n'chiyani? Ndi nsomba zija. Mizere yake yatsika kuchokera pamsana kupita kumimba, ndipo waziika pakati pa miyala, monga momwe mbuna zambiri zimaonekera ndi kukhalira. Mwanayu sanatengere nsomba ya m'buku; wayang'ana m'madzi a kwawo. Nkhafi ndiyo yafooka, pakuti pamenepo sanayang'ane, ndipo ndi chinthu chimene angathe kuchikonza lero lomwe chifukwa nkhafi zili pagombe.

Chifukwa chake yankho lingakhale lotere, kholo limuwerengere: "Ndaona nsomba zako za mizere pakati pa miyala, ndipo ndikuganiza kuti ndi mbuna. Kodi ndalondola? Mizereyo waiyang'anitsitsa bwino. Koma nkhafi ndalephera kuizindikira msanga. Upite kugombe ukaone pamene imatambalala ndi momwe msodzi amaigwirira, ukajambule nkhafi yokha, yaikulu, unditumizire."

Onani kuti yankholi layamikira kuyang'anitsitsa kumene mwana angathe kubwereza mawa, osati mphatso yobadwa nayo. Lafunsa m'malo molamula, pakuti mwina mwanayo amati ajambule nsomba ina. Latchula chofooka chimodzi chokha, ndi kumsonyeza kumene akapeze mankhwala ake. Mawu olembedwa alibe kumwetulira kowafewetsa, kotero zolakwa zitatu pa foni zimalemera koposa zitatu zonenedwa m'kalasi.

Mudzadziwa ngati mwaweruza bwino poona chojambula chachiwiri. Ngati mwanayo angobwereza mbuna zomwezo osayesa chatsopano, mwina chitamando chinapyola muyeso. Ngati sabweretsa kanthu, funsani kholo momwe mawu anu anamvekera. Koma akatumiza nkhafi, ngakhale yokhota, yambani ndi kunena chimene chasintha.