Malire Ali Pakati pa Mtondo ndi Mphika

M'chaka cha 1946, Mayi Phyllis Deane, katswiri wa zachuma wa ku Mangalande amene anali asanakwanitse zaka 30, anafika ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland, mayiko amene lero ndi Zambia ndi Malawi. Anali atayesa kale kuwerengera chuma cha mayikowa ali ku London, pogwiritsa ntchito malipoti a boma ndi njira imene a James Meade ndi a Richard Stone anakonzera dziko la Britain pa nthawi ya nkhondo. Njirayo inkayenda bwino kumene munthu amalandira malipiro n'kukagula chakudya m'sitolo. Kuno inakumana ndi nkhokwe. Mabanja ambiri ankadya zimene alima okha, ndipo chimanga chosagulitsidwa sichisiya lisiti. Mayi Deane anaona kuti funsoli silingayankhidwe ali pa desiki, choncho anabwera kudzaona midzi ndi maso awo, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'buku mu 1953.

Chimene ndimawasirira nacho n'chakuti sanabise pamene njira yawo inkatsimphina. Anaona okha kuchuluka kwa nthawi imene amayi ankathera pokonza chakudya ndi kutola nkhuni, ndipo ananena poyera kuti malire olekanitsa ntchito yowerengedwa ndi yosawerengedwa sankagwirizana bwino ndi moyo wa kumudzi. Mmisiri weniweni amakuonetsa pamene pali mfundo m'thabwa lake. Luso limenelo ndi limene owerengera chuma akugwira nalo ntchito mpaka lero, kuphatikizapo a ku ofesi yoona za ziwerengero za dziko ku Zomba.

Nambala imene amatulutsa, imene nduna ya zachuma imatchula powerenga bajeti, imadziwika mwachidule kuti Jidipi. Ndi mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zopangidwa m'dziko pa chaka chimodzi, chilichonse chitawerengedwa kamodzi kokha. Mawu oti kamodzi ndiwo mtima wa lusoli. Wachigayo akagula dizilo n'kugaya chimanga, sitiwerenga dizilo kawiri. Timangotenga chimene iye wawonjezera pamwamba pa zimene wagula.

Tiyeni tiyerekeze ndi banja limodzi, manambala ake akhale ongopeka kuti njira ioneke. Banjali lakolola matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, lagulitsa asanu kwa mavenda pa K30,000 thumba, ndipo 15 lasunga kuti lidye. Wowerengera wosasamala akanalemba K150,000 yokha, ndalama imene yasinthana manja. Wodziwa ntchito amati matumba 15 aja nawonso ndi zokolola, ndipo amawapatsa mtengo umene akanagulidwa nawo pakhomo pomwepo. Matumba onse 20 akwana K600,000. Kenaka amachotsa zimene zinalowa m'munda, mbewu ndi feteleza, tinene za K200,000. Yotsalayo, K400,000, ndiyo gawo la banjali m'chuma cha dziko.

Taonani kusamala kwake pa mtengo. Satenga wa pamsika wa ku Limbe, chifukwa m'menemo muli kale ndalama ya lole ndi phindu la wogulitsa, zimene chimanga cha m'nkhokwe sichinadutsemo. Komanso ayenera kusankha nyengo mwanzeru, pakuti thumba limatsika mtengo mu Meyi anthu akungokolola, n'kukwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zitapepuka. Akatengera mtengo wa nthawi ya njala, mudzi umaoneka wolemera pa pepala pomwe anthu akugona ndi njala. Palinso mondokwa amene anaotchedwa chimanga chisanaume, maungu ndi nkhwani zomera m'mizere, ndi mlimi amene amayeza zokolola zake ndi ngolo kapena ndowa osati sikelo. Chilichonse mwa zimenezi chimafuna munthu wofunsa modekha, wodziwa kusandutsa ndowa kukhala makilogalamu.

Tsopano tilondole chimanga chija kulowa m'nyumba. Malamulo a bungwe la United Nations otsogolera kawerengedwe kameneka anayamba kutuluka mu 1953, ndipo kuyambira mu 1993 amanena kuti katundu aliyense amene banja ladzipangira ayenera kuwerengedwa. Kupuntha, kusinja ufa, kuumba mbiya, kuluka mphasa, kumanga nyumba, ngakhale kutunga madzi ndi kutola nkhuni, zonsezi zili m'kati mwa malire, ngakhale kuti kuzipeza zonse m'kafukufuku n'kovuta ndipo zambiri zimapulumuka. Koma ufa uja ukangolowa mumphika, kuwerenga kwatha. Kuphika nsima, kuchapa, kusesa, kusambitsa mwana, kudwazika gogo, malamulo amati zimenezi ndi ntchito zimene banja limadzichitira lokha, ndipo zili kunja. Mayi yemweyo, m'mawa womwewo, ali pa mtondo amawerengedwa, ali pa mafuwa sawerengedwa.

Malirewa sanaikidwe mwachibwana. Thumba la chimanga ukhoza kusintha maganizo n'kukaligulitsa mawa, choncho lili ndi mtengo woonekera. Kutonthoza mwana usiku kumatha pomwe kwachitikira, ndipo palibe msika wokuuza kuti ndi ndalama zingati. Komanso boma limagwiritsa ntchito nambalayi poganizira misonkho ndi ngongole, ndipo silingabweze ngongole ndi mbale zotsukidwa. Chifukwa chake n'chomveka. Koma zotsatira zake tiyenera kuzidziwa.

Mayi akapeza ntchito m'tauni, n'kulemba mtsikana womulerera mwana, ana asukulu n'kumagula mandasi m'malo mwa phala la pakhomo, nambala imakwera. Gawo lina la kukwerako ndi chuma chatsopano, koma lina ndi ntchito yakale yomwe yangoyamba kulipidwa. Kuchipatala, ntchito ya namwino imawerengedwa, pomwe ya mlongo wa wodwala amene wagona pansi milungu iwiri, kuphika ndi kutembenuza m'bale wake, sioneka paliponse. Chimene chimaoneka ndi munda wake umene sunapaliridwe, zokolola zikadzachepa. Choncho ukamva kuti chuma chakwera, funsa kuti chakwera m'gawo liti, ndipo ngati nthawi ya anthu a pakhomo yapepuka kapena yalemera.

Mu 1934, katswiri wina, Mayi Margaret Reid, anapereka muyeso wosavuta: ngati ntchito ungathe kulipira munthu wina kuti akugwirire, imeneyo ndi ntchito yopanga chuma. Kuphika kumalowa, kudya sikulowa, chifukwa palibe angakudyere. Pa muyeso umenewu akatswiri amafunsa anthu mmene anathera maola 24 a dzulo, n'kuchulukitsa maola a ntchito za pakhomo ndi malipiro a wantchito wa m'nyumba. Zotsatira zake amaziika m'kaundula wapadera pambali pa Jidipi, osazisakaniza, kuti aliyense aone chimene chinagulitsidwa, chimene chinayerekezedwa ndi chimene chinasiyidwa.

Kuona mtima kumeneku ndiko kumandikopa pa ntchitoyi. Chaka chomwecho cha 1934, a Simon Kuznets, popereka chiwerengero cha chuma cha America ku nyumba ya malamulo, anachenjeza kuti nambala yotere siingauze munthu ngati anthu akukhala bwino. Amisiri a sikeloyi ndiwo anayamba kunena zimene siingayeze. Mayi Deane anaiyesa pa nkhokwe za kwathu, anawerenga zimene akanatha kuwerenga, ndipo pamene sikelo inalekeza analemba kuti yalekeza apa, koma ntchito ikupitirira kukhitchini.