Luso la mayi wophika makrepe

Ku Bretagne, m'dziko la Faransa, mayi wophika makrepe, zikondamoyo zopyapyala kwambiri, sapupuluma. Akasakaniza ufa, mazira ndi mkaka, amausiya msakanizowo ola lathunthu kuti ufa umwe madzi ndipo thovu lithe. Akafulumira, krepe amang'ambika. Kenako amathira chipande chimodzi pachiwaya chotentha chotchedwa bilig, n'kufalitsa ndi kamtengo mozungulira kamodzi kokha. Batala amalira, timabowo timatseguka ngati ukonde. Wotchi sayang'ana. Pamwamba pakasiya kunyezimira, m'mphepete mukafiira n'kudzuka mokha, ndiye nthawi yotembenuza. Akachedwa pang'ono, krepe amauma n'kuthetheka. Manja oterewa atasowa, tingatsale ndi zikondamoyo zonenepa, osalawanso m'mphepete mopyapyala mokhukutika bwino muja.