Malangizo a ATA ndi banja la ku Phalombe

Malangizo a mu 2015 a bungwe la American Thyroid Association akuti aliyense wopezeka ndi khansa ya medulale ya chithokomiro ayezedwe jini ya RET. Mfundoyi ndi yomveka: mwa odwala anayi, pafupifupi mmodzi amakhala atatengera ku makolo, matenda otchedwa MEN2, ndipo mwana wake aliyense akhoza kutengera kapena ayi mofanana. Mwana wopezeka ndi kusintha kwa C634 amachotsedwa chithokomiro pofika zaka 5, khansa isanafalikire.

Kufooka kwa malangizowa n'kwakuti atsamira pa jini, imene chipatala cha m'boma ngati Phalombe sichiyeza. Kuyeza kalisitonini, homoni imene chotupachi chimatulutsa, sikungalowe m'malo mwake. Imakweranso ndi matenda a impso kapena mankhwala a omepurazo, ndipo mwana wotengera akhoza kukhala nayo yochepa lero, n'kudzakwera patapita zaka.

Chotsala m'manja mwa dokotala ndi mbiri ya banja. Koma kwa Alhomwe mtundu umatsata mayi, pamene jini sisankha mbali. Mayi wa zaka 30 wotupa pakhosi akafunsidwa za abale, angatchule amalume ndi anakubala ake okha, osatchula bambo amene anachoka pa chikamwini. Afunsidwe mwachindunji: kodi kuchimuna alipo anatupa pakhosi, kapena anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono ndi kuthamanga kwa magazi? Yankho lilembedwe m'kalata yomutumiza ku Queen Elizabeth, chifukwa chotupa cha pamwamba pa impso, feyokoromosayitoma, chikapanda kudziwika chikhoza kupha wodwala pa opaleshoni.