AnkiDroid ndi mayeso a ku sekondale m'boma la Maravia: zimene pulogalamuyi imatha ndi zimene siitha

Ophunzira a ku sekondale amene ali ndi mwayi wogwira foni angakumane ndi mapulogalamu angapo a makhadi obwerezera maphunziro. Odziwika kwambiri ndi Quizlet ndi Anki. Quizlet imadalira kwambiri intaneti, ndipo mbali zake zina n'zolipira. Anki, imene Damien Elmes anaitulutsa mu 2006, ili ndi mtundu wa pa mafoni a Android wotchedwa AnkiDroid, umene ndi waulere ndipo ukalowetsedwa m'foni umagwira ntchito popanda intaneti. Pa chifukwa chimenechi, AnkiDroid ndi imene ikuyenera kuunikidwa poganizira wophunzira wa ku Fingoe kapena wa m'midzi ina ya boma la Maravia. Chigamulo cha kuunikaku n'chakuti pulogalamuyi imadziwa bwino tsiku loti khadi libwerenso, koma siidziwa ngati mwana wamvetsa zimene zili pa khadipo. Kwa mwana amene amaganiza m'Chichewa kapena m'Chinsenga koma mayeso nkulemba m'Chipwitikizi, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Mfundo imene pulogalamuyi yaimapo ndi yakale ndipo ndi yolimba. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Jeremani anasonyeza kuti munthu amaiwala msanga m'maola ndi m'masiku oyambirira akaphunzira chinthu, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Chinthu chikakumbukiridwa pamene chatsala pang'ono kuiwalika, chimakhalitsa m'mutu kuposa poyamba, choncho ulendo wotsatira chingathe kudikira masiku ochulukirapo. Uku ndiko kubwereza motalikitsa masiku. Wophunzira angakumvetse poganizira mbande ya fodya kapena ya tomato: ikangowokedwa imafuna madzi tsiku ndi tsiku, koma mizu ikagwira, kuthirira kumatalikirana. Mfundo yachiwiri ndi yakuti kudzifunsa kumaposa kuwerenganso. Kafukufuku wa Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke wa mu 2006 anapeza kuti patatha mlungu umodzi, amene anayesedwa kukumbukira nkhani anaikumbukira bwino kuposa amene anangoiwerenga mobwerezabwereza.

Mu AnkiDroid, wophunzira amaona funso, amayankha mumtima kapena mokweza, kenako amatsegula yankho n'kudzipatsa yekha chigamulo mwa kudina limodzi la mabatani anayi: Again, Hard, Good kapena Easy. Pa makonzedwe akale a pulogalamuyi, ochokera ku njira ya SM-2 ya Piotr Woźniak, kudina Good kumachulukitsa masiku odikira kawiri ndi theka. Khadi lophunziridwa pa 2 Malichi limabweranso pa 3 Malichi, kenako cha pa 6 Malichi, cha pa 14 Malichi, cha pa 3 Epulo, cha pa 23 Meyi, ndipo pomaliza chakumapeto kwa Seputembala. Masikuwa amasuntha pang'ono chifukwa pulogalamu imawamwaza dala kuti makhadi asaunjikane tsiku limodzi. Ndiye kuti khadi limodzi laonedwa pa masiku 7 okha m'miyezi pafupifupi 7, ndipo likadali m'mutu pamene mayeso a kumapeto kwa chaka akuyandikira. Mwana akadina Again chifukwa waiwala, khadi limabwerera pa chiyambi ndipo kuyambira pamenepo limatalikira pang'onopang'ono. Palibe mphunzitsi amene angasunge kalendala yotere ya mwana aliyense ndi khadi lililonse, ndipo apa pulogalamuyi iyenera kuyamikiridwa.

Vuto limayambira pa chilankhulo. Dziko la Mozambiki linayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri kudzera mu PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, Chishangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo mu 2003 njirayi inayamba kulowa m'masukulu a pulayimale. Koma ku sekondale maphunziro ndi mayeso zili m'Chipwitikizi. Mphunzitsi wofuna kuthandiza ana amaganiza msanga zopanga makhadi a mawu awiriawiri: kutsogolo liwu la Chipwitikizi, kumbuyo la Chichewa. Anki ili ndi mtundu wa khadi wotchedwa `Basic (and reversed card)` umene umatembenuza khadi lililonse wokha kuti lifunsidwe mbali zonse ziwiri. Zimaoneka ngati ntchito yapepuka, koma pa maphunziro a sayansi njira imeneyi imasocheretsa.

Chitsanzo chabwino chili mu fizikisi. Mphunzitsi alemba makhadi atatu motere:

```
força     / mphamvu
energia   / mphamvu
potência  / mphamvu
```

Palibe khadi lonama pa atatuwa, pakuti m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku zonsezi ndi mphamvu. Mwana akaona liwu la Chipwitikizi amayankha kuti "mphamvu", amapeza kuti walondola, amadina Good kapena Easy, ndipo pulogalamu imakankhira makhadi onse atatu kutali. Chimene waphunzira n'chakuti mawu atatuwa ndi chinthu chimodzi, pamene mayeso adzafuna kuti awasiyanitse: loyamba limayezedwa m'manyutoni, lachiwiri m'majuli, lachitatu m'mawati. Makhadi otembenuzidwa aja amaipiraipira. Mwana amaona "mphamvu" katatu, nthawi iliyonse yankho lake ndi lina, ndipo sangadziwe limene likufunidwa. Amadina Again mobwerezabwereza, ndipo khadi likaiwalika ka 8 Anki imalitcha `leech`, kutanthauza khadi loyamwa nthawi ngati msundu. Pulogalamu imangoona kuti khadi lavuta. Siingaone kuti funso lake linali losayankhika. Liwu lakuti "mpweya" limachita chimodzimodzi m'maphunziro a zamoyo ndi a kemisitiri, chifukwa limanyamula mpweya wa mumlengalenga, okosijeni ndi mitundu ina yonse.

Mankhwala ake si kuchotsa Chichewa pa makhadi, koma kuchipatsa ntchito yake yeniyeni, yofotokoza chochitika chimene mwana akuchidziwa. Makhadi atatu aja angalembedwenso chonchi:

```
Kukankha ngolo kuti iyambe kuyenda: dzina ndi muyezo?
  força, newton (N)
Zimene batire la sola lasunga masana: dzina ndi muyezo?
  energia, joule (J)
Majuli ogwiritsidwa ntchito pa sekondi iliyonse: dzina ndi muyezo?
  potência, watt (W)
```

Tsopano funso lililonse lili ndi yankho limodzi, ndipo mwana akukakamizika kutulutsa yekha liwu la Chipwitikizi, monga adzachitire pa mayeso. Pakufunikanso khadi lachinayi lolembedwa m'Chipwitikizi chokhachokha, m'kalembedwe ka mafunso a mayeso, lofunsa za babu la mawati 10 loyaka masekondi 60, yankho lake majuli 600, kuchokera pa `E = P × t`. Khadi lotere limaphunzitsa kumva funso m'chilankhulo chimene lidzabwerere. Komabe nalonso lili ndi malire: likabwera kachitatu, mwana amangokumbukira 600 osawerengetsa. Makhadi amasunga mayina, miyezo, zaka ndi malamulo. Luso lowerengetsa ndi lolemba ndime limakula ndi mafunso atsopano pa pepala.

Mphunzitsi angadziwe bwanji kuti makhadi akunamiza mwana? Njira yachidule ndi kuzimitsa foni, kusankha makhadi asanu amene pulogalamu ikuti mwana akuwadziwa, ndi kuwafunsa m'mawu ena. Ngati khadi linali m'Chipwitikizi, mwana afotokoze m'Chichewa ndi chitsanzo cha kumudzi. Ngati linali m'Chichewa, alembe chiganizo chathunthu cha Chipwitikizi. Amene amathamanga pa foni koma pano n'kukakamira, ndiye kuti waloweza maonekedwe a khadi. Chizindikiro china ndi mwana amene amatsegula yankho asanayankhe, n'kunena kuti "ndimadziwa". Pulogalamu imakhulupirira chilichonse chimene wadina, choncho lamulo likhale lakuti yankho litchulidwe mokweza kapena lilembedwe lisanatsegulidwe.

Chofooka chachiwiri n'chakuti pulogalamuyi inapangidwa poganizira munthu amene ali ndi foni yakeyake tsiku lililonse. Imabwera itakonzedwa kupereka makhadi atsopano 20 pa tsiku, ndipo buku la malangizo la Anki limachenjeza kuti wopitiriza pa mlingo umenewu amafika pobwereza makhadi pafupifupi 200 pa tsiku. Kumene foni ndi ya bambo kapena ya mchimwene, ndipo imadikira dzuwa kuti itchajidwe, masiku ena amadutsa osaigwira. Makhadi a masiku amenewo sachoka, amaunjikana, ndipo mwana wobwerera patatha masiku anayi amapeza mulu wa mazana. Ambiri amathera pomwepo. Nambala ya `New cards/day` iyenera kutsitsidwa kufika pa 5 kapena 8 kuyambira tsiku loyamba, ndipo mulu ukaunjikana iikidwe pa 0 mpaka zotsalira zithe. Makhadi 5 pa tsiku kwa masiku 150 ndi makhadi 750, okwanira mfundo zazikulu za maphunziro angapo. Izi zikutanthauzanso kuti ntchitoyi iyambe m'chigawo choyamba cha chaka. Woyamba kutatsala mwezi umodzi amangopeza masitepe anayi oyambirira, ndipo makhadi omaliza amawaona kamodzi kapena kawiri.

Foni yogawana ili ndi msampha winanso. Pulogalamu siidziwa amene waigwira. Ana awiri akamayankha mulu umodzi, wodziwa amakankhira kutali khadi limene mnzake sanalidziwe, ndipo kalendala imakhala yabodza kwa onse. Aliyense akhale ndi mulu wake wa dzina lake, makhadi ake olembedwa paokha. Mphunzitsi angagawire ana mulu monga fayilo ya `.apkg` kudzera pa Bluetooth, osawononga ndalama ya intaneti.

Kwa ana opanda foni, njira imeneyi siitayika, chifukwa inalipo mafoni asanabwere. Sebastian Leitner anaifotokoza mu 1972 pogwiritsa ntchito bokosi la zipinda. Katoni ya sopo yogawidwa patatu ndi timapepala todulidwa m'kope lakale n'zokwanira. Chipinda choyamba chimabwerezedwa tsiku lililonse, chachiwiri Lachiwiri ndi Lachisanu, chachitatu Loweruka lokha. Khadi loyankhidwa bwino limasunthira chipinda chotsatira, lolephereka limabwerera m'choyamba. Masiku ake satalikirana mwaluso ngati a pa foni, ndipo makhadi akachuluka bokosi limavuta kusamala. Koma ana akamafunsana awiriawiri, wogwira khadi ndiye amaweruza yankho, ndipo angafunse mnzake kuti afotokoze m'chilankhulo chinacho.

Choncho AnkiDroid ndi yoyenera kuilangiza kwa ophunzira a kalasi 12 ndi ena okonzekera mayeso, malinga zinthu zitatu zakwaniritsidwa: foni ikupezeka masiku ambiri pa mlungu, makhadi atsopano achepetsedwa, ndipo mphunzitsi wodziwa zilankhulo zonse ziwiri wawerenga makhadiwo asanaloweredwe. Milu yopangidwa kale yopezeka pa intaneti siinalembedwere mwana amene "mphamvu" yake imanyamula mawu atatu a Chipwitikizi. Ntchito yosiyanitsa mawu amenewo imatsalabe m'manja mwa mphunzitsi, ndipo ndi bwino kuichita m'kalasi, ana akulemba okha makhadi awo.