Mboni Zisanu ndi Imodzi za pa Mfuwe: Ndemanga pa Kawerengedwe ka Zilankhulo Zapachibale

M'nkhani ino tikuunika pepala limene Michael Dunn ndi anzake atatu adafalitsa m'magazini ya Nature m'chaka cha 2011. Iwo adati malamulo a kasanjidwe ka mawu m'chiganizo sagwira ntchito mofanana pa dziko lonse, koma banja lililonse la zilankhulo lili ndi njira yakeyake. Limodzi mwa mabanja anayi amene adafufuza ndi lathu lino la Chibantu, ndipo m'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza. Ife tikuona kuti funso lawo lidali loyenera, koma umboni wa Chibantu sungasenze katundu amene iwo adausenzetsa.

Malamulo amene akutsutsidwawa adachokera kwa Joseph Greenberg, amene mu 1963 adayerekeza zilankhulo 30 n'kutulutsa malamulo 45. Ambiri mwa iwo sanena kuti zilankhulo zonse zili ndi chakutichakuti. Amangonena kuti chilankhulo chikakhala ndi ichi, chimakhalanso ndi icho. Mwachitsanzo, lamulo lachitatu limati chilankhulo chimene chimayamba chiganizo ndi mneni chimaika mperekezi patsogolo pa dzina. Lamuloli silibwerera m'mbuyo. Chichewa chimati "ndi mkondo", mperekezi patsogolo, komabe chimati "mlenje adapha njati", mneni pakati, ndipo lamulo silidaphwanyidwe. Chingaliphwanye n'chimodzi chokha: chilankhulo choyamba ndi mneni chimene mperekezi wake amatsata dzina. Choncho mphamvu ya lamulo lotere yagona pa kuwerenga, ndipo vuto ndi lakuti tiwerenga chiyani.

Tiyerekeze kuti wofufuza watera pa bwalo la ndege la Mfuwe, m'boma la Mambwe, pamene pamafikira alendo okaona nyama m'nkhalango ya m'chigwa cha Luangwa. Malo oterewa amakumanitsa anthu a m'madera ambiri. Tinene kuti pakutha pa tsiku wamva Chikunda cha eni dera, Chinsenga, Chinyanja, Chibisa, Chibemba, Chitumbuka ndi Chingerezi. Iye akufuna kuyesa ganizo ili: chilankhulo chikamaika pamtherankhani pambuyo pa mneni, chimaikanso mfotokozi pambuyo pa dzina, monga timanenera kuti "njati yaikulu". Zilankhulo 6 zoyambazo zikuvomereza. Chingerezi chokha chikukana, pakuti mfotokozi wake amatsogola. Wofufuzayo akhoza kunena kuti kuponya ndalama kasanu n'kamodzi, n'kumagwera mbali imene udasankha nthawi zonse, kumachitika kamodzi pa maulendo 64, kotero kugwirizana kwa zilankhulozi si kwangozi.

Masamuwo ngolondola, koma ndalamayo sidaponyedwe kasanu n'kamodzi. Zilankhulo zonse 6 ndi ana a kholo limodzi, ndipo kasanjidwe kameneka zidachita kulandira ngati chuma chamasiye. Pa bwalo la mfumu, ana asanu ndi mmodzi a bere limodzi akabwereza zimene adamva kwa agogo awo, nduna zimadziwa kuti mboni ndi imodzi. Tikawerenga motero, pa Mfuwe pali mboni imodzi yovomereza ndi imodzi yokana. Vutoli n'lakale. Francis Galton adalidzutsa mu 1888 pofunsa Edward Tylor ngati mitundu ya anthu imene adayerekeza miyambo yake sidachite kutengerana. Ndipo ganizo la wofufuza wathuyu lidalowadi m'mabuku ambiri, mpaka Matthew Dryer adasonyeza mu 1988 kuti malo a mfotokozi sadalira malo a pamtherankhani.

Njira ya Dryer, imene adaigwiritsa ntchito pa zilankhulo 625 mu 1992, idali kuwerenga magulu a zilankhulo zapachibale m'malo mwa zilankhulo zenizenizo, n'kugawa dziko m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Lamulo amalivomereza pokhapokha likaoneka m'zigawo zonse. Kugawa dzikoku n'kofunika chifukwa zilankhulo zoyandikana zimatengerana ngakhale zisali pachibale. Ngakhale kusinthiratu chilankhulo kumachitika, monga Angoni a Mpezeni adasiyira chawo n'kutola cha Ansenga. Komabe njirayi imataya zambiri. Zilankhulo mazanamazana za Chibantu zimasanduka liwu limodzi.

Apa ndiye pamene pepala la 2011 likutikopa. Olembawo sadathawe chibale, koma adachigwiritsa ntchito. Adatenga mtengo wa banja, wosonyeza mmene zilankhulo zidapatukirana, n'kufunsa kuti: pamene nthambi ina yasintha malo a pamtherankhani, kodi imasinthanso malo a mperekezi? Ngati zinthu ziwirizi zamangidwa chingwe chimodzi, chimodzi chikasuntha chinzake chiyenera kutsata. Chowerengedwa tsopano si zilankhulo koma kusintha. Ganizoli n'lanzeru, ndipo tikulivomereza.

Koma tiyeni tibwerere nalo ku Mfuwe. Pa mtengo wa zilankhulo zathu 6 zija, kodi pamtherankhani adasamukapo kangati? Sadasamukepo n'kamodzi komwe. Wina angatikumbutse kuti timanena kuti "njati, mlenje adaipha". N'zoona, koma Joan Bresnan ndi Sam Mchombo adasonyeza mu 1987 kuti ufulu umenewu umadza pokhapokha mneni akanyamula kachizindikiro ka pamtherankhani, monga "i" mu "adaipha". Tikakachotsa, njati iyenera kubwerera pambuyo penipeni pa mneni. Tsono ngakhale tionjeze Chiyao, Chishona, Chizulu ndi Chiswahili, chiwerengero cha zilankhulo chikwera koma cha kusintha chikhalabe pomwepo. Kumene timaonako kusiyana ndi ku zinthu zina, monga mawu olozera: ife timati "munthu uyu" pamene Ababemba angathe kunena "uyu muntu".

Chotsatira chake n'chakuti njira imeneyi ikalephera kupeza mgwirizano wa mneni ndi mperekezi m'Chibantu, sindiye kuti yapeza kuti mgwirizanowo kulibe. Kuti tidziwe ngati mbuzi ziwiri zamangidwa chingwe chimodzi, imodzi iyenera kuyenda. Zonse zikangogona, sitingadziwe kanthu. Olembawo sadabise kuti Chibantu sichisinthasintha kwambiri pa mfundo zimenezi, komabe mawu awo omaliza amaimirira pa kusiyana kwa mabanja anayi, ngati kuti onse adayankha. Chipangidwe cha kusalingana kumeneko mbali ina ndi kuchepa kwa umboni basi. Tingaonjezenso kuti Chibantu chosasinthachi chakhala zaka zikwi zingapo pa kasanjidwe kamene malamulo a Greenberg amayembekezera, ndipo njira yowerenga kusintha kokha kukhazikika kumeneku imakupeputsa. Gerhard Jäger ndi Johannes Wahle atabwereza ntchitoyi mu 2021 pa mabanja ochuluka nthawi imodzi, adapeza kuti migwirizano ingapo, kuphatikizapo wa mneni ndi mperekezi, imaoneka ponseponse.

Mbuzi ina idayendapo ndithu. Chitunen cha ku Kameruni, chimene chimawerengedwa m'Chibantu, chimaika pamtherankhani patsogolo pa mneni, koma aperekezi ake adatsalira patsogolo pa dzina. Otsatira Dunn angasangalale nacho, popeza chimodzi chidasuntha chinzake osatsata. Koma kumeneku ndi kusintha kumodzi, ndipo aperekezi angachedwe zaka mazana ambiri asanatsate. M'kawerengedwe ka Dryer namo Chitunen chimavutitsa mwa njira ina: gulu lokhala ndi mitundu iwiri ya kasanjidwe limawerengedwa mbali zonse ziwiri, kotero chilankhulo chimodzichi, chikalowa m'gulu losankhidwa, chimalemera mofanana ndi zonse za pa Mfuwe pamodzi ndi abale awo mazanamazana.