Kukwera ndi 200 peresenti si kuwirikiza kawiri

Tsiku lina ndikumvetsera nkhani pa wailesi ina, wowerenga anati mtengo wa katundu wina “wakwera ndi 200 peresenti, kutanthauza kuti wawirikiza kawiri”. Chiganizocho chinkamveka bwino kwambiri, ndipo vuto lake lagona pomwepo. Khutu likamva 200 limathamangira ku “kawiri”, likamva 300 limathamangira ku “katatu”. Koma masamu ake sayenda choncho.

Tiyerekeze kuti thumba la chimanga linali pa K20,000. Likakwera ndi 100 peresenti, ndiye kuti pamtengo wakalewo tasanjikapo K20,000 ina, lafika pa K40,000. Uku ndiye kuwirikiza kawiri. Likakwera ndi 200 peresenti, tasanjikapo ma K20,000 awiri, ndipo thumbalo lili pa K60,000, komwe ndi kuwirikiza katatu. Peresentiyo ikungowerenga zimene zawonjezedwa, pomwe “kawiri” ndi “katatu” amawerenga mulu wonse, ndi mtengo wakale womwe. Wowerenga nkhani uja anaiwala mtengo wakalewo, ndipo mayi amene anamukhulupirira akanapita kumsika ataperewera K20,000.

Kwa ife okonda chinenero, nkhani yatsamira pa timawu tiwiri, “ndi” komanso “kufika pa”. Kukwera ndi 200 peresenti kukunena kukula kwa chowonjezedwacho. Kukwera kufika pa 200 peresenti ya mtengo wakale kukunena pamene mtengo waima, ndipo apo mpamene “kawiri” angalowe bwinobwino. Omasulira ambiri amasinthanitsa timawuti ngati n’timodzi.

Pali kanenedwe kena kamene ine poyamba ndinkakaseka, kakuti “200 pa 100 iliyonse”. Ndinkati ungatape bwanji 200 m’thumba momwe muli 100 yokha? Pogawa zinthu n’zosathekadi: ana 200 pa ana 100 alionse sangakhoze mayeso. Koma pa nkhani ya kukwera, ndinaona kuti kanenedweka n’kabwino kuposa mawu obwerekawa, bola pakhale mneni “kuwonjezera”. Mukati “pa K100 iliyonse awonjezerapo K200”, ngakhale agogo kumudzi awerengetsera okha n’kupeza K300, chifukwa K100 yoyamba ija ikuonekerabe m’chiganizo. Mawu akuti “peresenti” amaibisa.

Chinanso chimene chimandigwetsa ulesi ndi kumva kuti mtengo “watsika ndi 200 peresenti”. Kukwera kulibe malire, koma kutsika kumathera pa 100 peresenti, pamene katunduyo wasanduka waulere. Thumba lija likachoka pa K60,000 kubwerera pa K20,000, latsika ndi K40,000, ndipo tsopano tikuiyerekeza ndi K60,000, osati K20,000 ayi. Amenewo ndi magawo awiri mwa atatu, pafupifupi 67 peresenti basi.

Ineyo ndikapatsidwa chiganizo chotere kuti ndimasulire, ndimayamba ndafunsa mitengo iwiriyo, wakale ndi watsopano, n’kuilemba yonse m’makwacha. “Kawiri” kapena “katatu” ndimamuika pomalizira, nditagawa ndekha mtengo watsopano ndi wakale.