Kubiriwira kwa Tebulo Sikutanthauza Kuti Ana Onse Alandira Katemera

Pafupifupi pulojekiti iliyonse ya zaumoyo ili ndi tebulo lolondolera ntchito. Mzere uliwonse ndi chizindikiro chimodzi, monga ana amene alandira katemera wa Penta kachitatu. Kutsogolo kwake kumakhala tageti ya kotala, chiwerengero chomwe chapezeka, peresenti, kenako mtundu: wobiriwira, wachikasu kapena wofiira. Chipatala chilichonse chili ndi gawo lake. Ubwino wa tebuloli ndi woti wapampando wa msonkhano amaona malo makumi awiri pa tsamba limodzi, ndipo palibe amene angabisale kuseri kwa mawu akuti "ntchito ikuyenda bwino". Vuto lake ndi loti mtunduwo umayankha funso laling'ono kuposa lomwe anthu amaganiza. Umangonena ngati nambala yapezekayo yafika pa tageti. Sunena ngati tagetiyo inali yoona.

Mu Excel, peresenti yonse imachokera pa kachidutswa aka, pamene C5 ndi tageti ndipo D5 ndi zomwe zapezeka:

```
=D5/C5*100
```

Nambala ya pamwamba imachokera m'kaundula wa kusikelo, ndipo namwino kapena mlangizi wa zaumoyo angathe kuiwerenganso ndi chala. Ya pansi ndiyo yachilendo. Kawirikawiri imachokera ku chiwerengero cha anthu chomwe ofesi ya kalembera ku Zomba imayerekeza potengera kalembera wa 2018, kenako boma lililonse limachigawa ku zipatala zake. Pa dziko lonse kuyerekezako kumathandiza kwambiri. Koma chikagawidwa mpaka kufika pa chipatala chaching'ono chimodzi, cholakwika chimakula, chifukwa anthu amasamuka, malire a dera la chipatala samveka bwino, ndipo mayi amapita kumene kuli pafupi, osati kumene mapu amulembera.

Chitsanzo chongoyerekeza cha zipatala ziwiri chingaonetse mmene izi zimasokeretsera. Pulojekiti ikufuna kufikira ana 90 mwa 100 alionse osakwana chaka. Pa tebulo lake, wobiriwira umayambira pa 90 peresenti ya tageti, ndipo wofiira ndi chilichonse chochepera 75.

Chipatala choyamba chili m'malire ndi Mozambiki, monga zilili zina ku Mwanza, Dedza kapena Mulanje. Papepala chili ndi ana 800 pa chaka, choncho tageti ndi 720, kapena 180 pa kotala. Chabaya ana 198 Penta wachitatu, zomwe ndi 110 peresenti. Bokosi labiriwira, ndipo pa msonkhano anthu awomba m'manja.

Chachiwiri papepala chili ndi ana 1,200. Tageti ya chaka ndi 1,080, ya kotala 270. Chabaya ana 189, zomwe ndi 70 peresenti. Bokosi lafiira, ndipo woyang'anira chipatala wafunsidwa kuti afotokoze.

Tebulo lathera pomwepo. Koma kaundula yemweyo ali ndi nambala ina yomwe tebulo silinafunse: ana amene analandira Penta woyamba. Katemerayu amaperekedwa mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14, ndiye kusiyana kwa woyamba ndi wachitatu kumaonetsa ana amene anasiyira panjira. Kuwerengera kwake sikudalira kalembera konse:

```
(Penta1 - Penta3) / Penta1 * 100
```

Pa chipatala cha m'malire Penta woyamba analandira ana 260. Ndiye kuti ana 62 sanabwerenso, pafupifupi 24 mwa 100 alionse, pomwe a zakatemera amayamba kuda nkhawa chiwerengerochi chikapitirira 10. Mwina ena mwa anawo ndi ochokera kutsidya ndipo anakamalizira kwawo. Mwina sikelo yoyendera m'midzi inalephereka miyezi iwiri, kapena katemera anatha mu filiji. Palibe amene akafufuze, chifukwa bokosi lobiriwira siliitanitsa mafunso. Chonsecho 110 peresenti payokha inayenera kudabwitsa anthu: chipatala chikamadutsa tageti kotala ndi kotala, nthawi zambiri ndi tageti yomwe yachepa.

Pa chipatala chofiira chija Penta woyamba analandira ana 200, ndipo osiyira panjira ndi 11 okha, osakwana 6 mwa 100. Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka atawerenga khomo ndi khomo apeza ana 840 pa chaka, osati 1,200. Amenewa ndi 210 pa kotala, ndipo 189 mwa 210 ndi 90 peresenti, ndendende zomwe pulojekiti inkafuna. Chipatala chodzudzulidwacho ndicho chagwira ntchito bwino. Kuwerenga kwa alangizi nakonso sikuti n'kosalakwa: midzi yomwe ilibe mlangizi imatsala, ndipo ana osawerengedwawo ndi omwenso amaphonya katemera. Komabe manambala awiriwa akasiyana ndi ana 360, tebulo labwino liyenera kuonetsa onse awiri kuti anthu akambirane, m'malo mosankha imodzi mwakachetechete.

Kudzudzula kolakwikaku kuli ndi mtengo wake. Wogwira ntchito amene akufunsidwa ana 270 m'dera lomwe muli ana 210 alibe njira yoona yobiriwitsira bokosi lake. Ena amagwa ulesi. Ena amayamba kuwonjezera timizere pa pepala lowerengera. Izi zimadziwika msanga munthu akayerekeza malo atatu a mwezi umodzi: kaundula, lipoti la mwezi, ndi zomwe zalowa mu DHIS2. Penta wachitatu akamaposa woyamba miyezi yotsatizana, kapena ana obayidwa akaposa katemera amene watuluka mu filiji, ndiye kuti pena pake pasokonekera.

Mzere wa m'munsi wophatikiza malo onse nawo uli ndi msampha. Wokonza tebulo akangophatikiza 110 ndi 70 n'kugawa pawiri amapeza 90, ndipo pulojekiti yonse imabiriwira. Kuwerengera koyenera ndi ana 387 pa tageti ya 450, zomwe ndi 86 peresenti, wachikasu. Chipatala chaching'ono ndi chachikulu sizilemera mofanana.

Kugawa tageti ya chaka panayi mofanana n'kosavuta kwa wolemba, koma chaka cha ku Malawi sichiyenda motero. Kuyambira Januwale mpaka Malichi mitsinje imadzaza ndipo njinga siziwoloka. Namondwe Freddy atagunda chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, misewu ndi milatho yambiri zinaduka. Kotala yotere ndi bwino kuiyerekeza ndi kotala yomweyo ya chaka chatha, osati ndi ya m'chilimwe. Ngakhale dzina lakuti "kotala yoyamba" limasokoneza, pakuti chaka cha ndalama cha boma la Malawi chimayamba mu Epulo, pomwe cha mapulojekiti olandira ndalama ku boma la Amerika chimayamba mu Okutobala. Kulemba miyezi yeniyeni pamutu kumathetsa nkhaniyi.

Palinso bokosi lopanda kanthu. Lipoti la mwezi umodzi likachedwa, kuphatikiza kwa Excel kumangolidumpha ngati kuti ndi ziro, ndipo chipatala chimafiira chifukwa cha pepala lomwe likadali m'chikwama cha munthu. Danga limodzi lonena kuti malipoti afika angati mwa atatu lingateteze zimenezi.

Tebuloli silofunika kulitaya. Likusowa madanga anayi okha pambali pa peresenti: kumene tageti yachokera, chiwerengero cha alangizi, ana osiyira panjira, ndi malipoti omwe afika. Likanakhala nawo, galimoto yoyendera zipatala ikanapita kaye ku chipatala cha m'malire kukafunsa za ana 62 aja.